Nyumba ya amayi inakhala yopanda munthu pafupifupi miyezi iwiri ya dzinja chifukwa cha uthenga wa mizere inayi

Amayi atabwerera kumudzi ku Namwera anandisiyira udindo woyang'anira kanyumba kawo kamene kali kuno ku Mangochi boma. Ndi nyumba ya njerwa zowotcha, yamalata, pansi pa simenti. Ili ndi zipinda ziwiri zogona, pabalaza, kachipinda kosungiramo katundu ndi khonde kumaso. Khitchini, bafa ndi chimbudzi zili panja, ndipo kuseri kwake kuli nyumba ina yaing'ono imene amakhalamo msuweni wanga ndi banja lake. Ndalama ya lendi ndi imene amayi amagulira mankhwala ndi feteleza, kotero nyumbayi ikakhala mwezi umodzi yopanda munthu kumudzi amadziwa.

Mu Okutobala 2024 amene ankakhalamo anasamutsidwa kuntchito. Ine ndimagwira ntchito tsiku lonse, nthawi yoperekeza anthu kukaona nyumba ndinalibe, ndiye ndinavomera mnyamata wina wa m'dera lathu, mmodzi wa maejenti opezera anthu nyumba, kuti andipezere munthu. Anabwera, anajambula zithunzi, nati, "Achemwali, musade nkhawa, sabata ino siitha." Tinagwirizana kuti akapeza munthu adzatenga K50,000. Uthenga umene anafalitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook ndinadzauona zinthu zitavuta kale, pa foni ya mwini kuvutikayo. Unali wotere:

"Nyumba yamakono ya zipinda zitatu, pafupi ndi nyanja, kamphepo kayaziyazi. Madzi ndi magetsi osavuta. Ili mumpanda, chitetezo chokwanira. Mphindi 5 kuchokera pa boma. K100,000 pamwezi, fulumirani anthu akuilimbirana."

Amene mukupereka nyumba kwa ejenti, muuzeni kuti uthenga usatuluke musanauwerenge ndi maso anu, zithunzi zomwe. Wobwera kudzakhala m'nyumbamo akakhumudwa safuna ejenti, amafuna mwini nyumba, ndipo pofika nthawi imeneyo ejentiyo wadya kale zake.

Munthu anapezekadi msanga. Anali bambo wina wa ku Zomba amene anapeza ntchito kuno, wa mkazi ndi ana atatu. Ntchito imayamba posachedwa, kubwera kudzaona nyumba kunali kuwononga ndalama yoyendera kawiri, ndiye anakhulupirira uthenga ndi zithunzi. Anatumiza lendi ya miyezi itatu, K300,000. Ejenti anachotsa zake, ine ndinalandira K250,000. Ndinasangalala, chifukwa woyamba uja ankapereka K70,000 yokha, ndipo ndinaganiza kuti mitengo ya nyumba yangokwera monga zakwerera zinthu zonse kuyambira pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023. Ndalama zambiri ndinatumiza ku Namwera kuti amayi agule feteleza mvula isanayambe, zotsala ndinagulira simenti yokonzera khonde.

Lole inafika Loweruka masana, kumayambiriro kwa Novembala. Amene anakhalapo ku Mangochi mwezi umenewu akudziwa mmene dzuwa limaswera mtengo. Msuweni wanga anandiimbira kuti ndifike msanga. Ndinapeza katundu adakali pa lole, ana atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi awo ataima pakhomo osafuna kulowa. Bamboyo sanakuwe. Anangondionetsa foni nati, "Mayi, nyumba imene ndalipira ndi iyi yalembedwa apayi. Kodi ili kuti?"

Tinayenda limodzi mzere ndi mzere. Chipinda chachitatu chinali kachipinda kosungiramo katundu kaja, kamene mphasa ikhoza kuyalidwamo koma bedi sililowa, ndipo kalibe zenera. Ana awo anali mtsikana wamkulu ndi anyamata awiri, ndipo ankafuna zipinda zitatu kuti mtsikanayo azigona payekha. Za nyanja zinawapweteka kwambiri mayiwo. Anthu akutali akamva Mangochi amaona mchenga ndi mafunde, koma boma lili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi kumpoto ndi nyanja ya Malombe kumwera. Kuti ukafike kumagombe a ku Nkopola kapena Makawa uyenera kukwera galimoto mumsewu wopita ku Monkey Bay. Kuchokera panyumba pathu ngakhale Shire weniweniyo saoneka. Mpanda unalipo, koma wa bango, wopanda geti lokhoma. Madzi analipo, koma mpopi wake uli panja, wogwiritsa ntchito mabanja awiri. Mphindi zisanu zija zinali za njinga yamoto, osati za miyendo. Ndipo kamphepo kayaziyazi m'nyumba yamalata yopanda siling'i, masana a Novembala, mukhoza kudziwa nokha.

Chimene chinandiwawa n'chakuti mu uthengawo munali mabodza enieni ochepa. Zambiri zinali zoona zokokedwa. Zitseko zamkati zinalidi zitatu, mpanda unalipodi, panjinga yamoto pa boma umafikadi mphindi zisanu. Ejentiyo nditamupeza pa foni anadzitchinjiriza ndi zomwezo: "Achemwali, ndanama pati?" Koma munthu amene ali ku Zomba sawerenga zitseko, amaona m'maganizo mwake nyumba yonse, ndipo akatumiza ndalama amatumizira nyumba ya m'maganizoyo. Ikasiyana ndi imene waipeza, kwa iye wanamizidwa, kaya mawu alionse paokha angathe kutetezedwa.

Lole sikanadikira, woyendetsa ankafuna kubwerera kusanade. Katundu anatsitsidwa. Sofa lawo lalikulu linakanika pakhomo ndipo linagona pakhonde, litafundidwa pepala lapulasitiki. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkaganiza za ana aja m'nyumba yotentha ya eni, komanso za ndalama zimene zinali zitasanduka kale matumba a feteleza.

Nkhaniyi tinakaikamba kwa amfumu a dera lathu, ejenti sanabwere. Bamboyo ankafuna ndalama zake zonse kuphatikizapo za lole. Amfumu anamvetsera mbali zonse, anawerenga uthengawo, nandifunsa funso limodzi lokha: "Mayi, mnyamatayu anamutuma ndani?" Tinamvana kuti banjalo likhalemo mwezi umodzi pa mtengo wakale wa K70,000 uku likufuna nyumba ina, ndipo ine ndibweze K230,000. Ndinawonjezera K30,000 yonyamulira katundu kupita kumene anapeza nyumba. M'manja ndinalibe, ndiye ndinakongola K150,000 ku banki m'khonde ya kuntchito kwathu, yobweza K180,000, zina ndinachotsa pa malipiro anga. K50,000 ya ejenti sinabwerenso. Mukawerengera, mwezi umenewo ndinalandira K250,000, ndinatulutsa K290,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo munthu anakhala m'nyumbamo mwezi wathunthu.

Banjalo linatuluka mu Disembala, mvula itayamba. Nyumba inakhala yotseka mpaka Febuluwale. Mangochi boma ndi tawuni yaing'ono, nkhani ya lole ija inafika kumsika ndi kwa akabaza, ndipo uthenga wa ejenti unali ukuzungulirabe m'magulu a WhatsApp. Ena ankabwera akufuna nyumba ya pafupi ndi nyanja, n'kubwerera ali okwiya. Ena amene nyumbayi ikanawakwanira sankabwera n'komwe chifukwa anaona K100,000. Uthenga ukangotuluka sungaubweze, anthu amangoutumizirana, choncho woyambawo uyenera kukhala wolondola ndipo uzikhala ndi tsiku limene walembedwa.

Mu Januwale ndinaganiza zolemba ndekha. Sindinayambe ndi kulemba. Ndinabwereka tepi yoyezera kwa kalipentala wa pafupi, ndinatenga kope, ndipo ndinakumbukira mafunso onse amene mayi a ku Zomba aja anandifunsa ataima pakhomo. Mafunso amenewo ndi amene anandipatsa mutu uliwonse.

Ndinayamba ndi kukula kwa zipinda. Chachikulu chinapezeka mamita 3 ndi theka mlitali, mamita 3 mlifupi. Chachiwiri mamita 3 mbali zonse. Pabalaza mamita 4 mlitali, 3 ndi theka mlifupi. Kachipinda ka mkangano kaja mamita 2 mlitali, mita imodzi ndi theka mlifupi. Koma anthu ambiri ofuna nyumba saganiza m'mamita, amaganiza za katundu wawo. Bedi la dabulo limatenga pafupifupi mamita 2 mlitali ndi mita imodzi ndi theka mlifupi, ndiye m'chipinda chachikulu limalowa n'kutsala malo a wodilopu ndi podutsa. M'chachiwiri mumalowa mabedi awiri aang'ono. Ndinalemba zonse ziwiri, muyeso ndi chimene chimalowamo. Ndinayezanso chitseko chakumaso, chinapezeka masentimita 80, ndipo nambala imeneyi ndi imene ikanawauza a ku Zomba aja kuti sofa lawo lidzagona panja. Sindinaonepo munthu akulemba kukula kwa chitseko polengeza nyumba, koma kwa wobwera ndi katundu pa lole ndi nkhani yaikulu.

Kenako mtunda. Ndinayenda wapansi kuchokera pakhomo, osathamanga, ndikuyang'ana wotchi ya pa foni. Kukafika pamsewu wa tala ndi mphindi 7. Kukafika kumsika waukulu ndi mphindi 25. Sukulu ya pulaimale ili pa mphindi 10, ndipo mwana sadutsa msewu waukulu popita kumeneko. "Pa boma" sindinalembe, chifukwa boma la Mangochi ndi lotambalala, ndipo amene akugwira ntchito kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ndi amene akugwira ntchito kumsika "pa boma" pawo ndi posiyana. Ndinatchula malo amene munthu aliyense angawaloze, ndipo ndinanena kuti mphindizo ndi za wapansi. Mtengo wa kabaza ndinausiya dala popeza umasintha mafuta akakwera kapena akasowa, pamene mphindi za miyendo sizisintha.

Pa madzi ndi magetsi ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pomwepo. Kunena kuti madzi alipo sikuuza munthu kanthu. Afunika adziwe kuti ndi a mpopi kapena a mjigo, mpopiwo uli m'nyumba kapena panja, akugwiritsa ntchito ndi angati, bilu amalipira ndani, ndipo akasiya kutuluka amakatunga kuti. Kwathu mpopi uli pabwalo, mita ndi imodzi, bilu imagawidwa pakati ndi banja la kuseri. Masiku ena m'nyengo yotentha amatuluka mofooka masana n'kubwera bwino usiku. Mjigo uli pa mphindi 5, koma madzi ake ali ndi kamchere, monga imakhalira mijigo ina ya kuno kuchigwa, moti ndi abwino kuchapira ndi kusamba koma ambiri sakonda kumwa. Zonsezi ndinafunsa msuweni wanga, chifukwa iye ndi amene amakhala pamalopo tsiku ndi tsiku. Mwini nyumba amene amakhala kwina nyumba yake saidziwa bwino monga amaganizira, afunse anansi kapena amene wangotulukamo.

Magetsi ndi amene anandionetsa kuti chilungamo chimathanso kukopa. Nyumba ya amayi ili ndi mita yakeyake ya mayunitsi, yosagawana ndi nyumba ya kuseri. Amene anakhalapo pa lendi yogawana mita amadziwa kuwawa kwake: wina ali ndi ayironi ndi mbaula ya magetsi, iwe uli ndi mababu atatu, koma mayunitsi akatha mumasonkha mofanana. Ichi chinali chinthu chabwino koposa pa nyumbayi, koma ejenti uja anachimiza m'mawu akuti "magetsi osavuta". Wokokomeza amatanganidwa ndi zimene palibe mpaka kuiwala zabwino zimene zilipo. Nditayamba kuzifufuza ndinazipeza zambiri. Mawindo onse ali ndi zitsulo komanso waya wotchinga udzudzu, chinthu chimene kuno kwa malungo munthu sachipeputsa. Mtengo wa mango uli mbali ya kumadzulo, ndipo umaphimba chipinda chachikulu ndi khonde dzuwa likapendeka. Nyumbayo inamangidwa pamalo okwera pang'ono, moti ngakhale nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 madzi sanalowe m'nyumba. Chimbudzi ndi chokumba, koma cha simenti, chokhoma, ndipo ndi cha nyumbayi yokha.

Zovuta ndinazilemba m'kope momwemo: kulibe siling'i, mpanda ndi wa bango, kanjira kochokera pamsewu wa tala kamaima madzi mvula ikagwa yambiri moti galimoto yaing'ono imavutika kufika pakhomo tsiku limenelo. Palinso mzikiti pafupi, ndipo kuitanira mapemphero kumamveka bwino m'bandakucha. Ichi sindinachiike pa zovuta kapena pa zabwino. Kuno ku Mangochi Asilamu ndi ambiri, ndipo kwa iwo mzikiti wapafupi ndi mwayi. Kwa wochokera kwina amene sanazolowere, kapena wogwira ntchito usiku, ndi chinthu choti adziwiretu. Ndinangolemba mtunda wake, wowerenga aweruze yekha.

Msuweni wanga ataona kopelo anadandaula. "Asisi, mukalemba zonsezi abwera ndani? Anthu amafuna kumva zabwino." Ndinamumvetsa, chifukwa nanenso ndinali ndi mantha omwewo, ngongole ili pakhosi. Koma zovutazo munthu adzaziona ndithu, kaya tsiku loona nyumba kaya usiku woyamba. Chimene ndikanasankha ine ndi nthawi yokha imene adzazidziwe: asanatulutse ndalama kapena atatulutsa. Komabe dandaulo lake linandithandiza pa kasanjidwe. Sindinayambe ndi zovuta ngati munthu wopepesa. Ndinayamba ndi chimene nyumbayo ili ndi mtengo wake, kenako zabwino zenizeni, kenako zoyenera kudziwiratu, ndipo chovuta chilichonse ndinachilemba pamodzi ndi malire ake. Kunena kuti njira imadzaza madzi n'kusiyira pomwepo kumaopseza kuposa mmene zilili, kumeneko nakonso ndi kusanena zoona. Zoona zake n'zakuti madziwo amaima tsiku limodzi kapena awiri, wapansi amadutsa cham'mbali, ndipo m'nyumba salowa.

Uthenga umene ndinatulutsa ndi uwu:

"NYUMBA YA LENDI, MANGOCHI BOMA. Zalembedwa pa 20 Januwale 2025 ndi woyang'anira nyumbayo, palibe ejenti.

Zipinda ziwiri zogona, pabalaza, kachipinda kosungiramo katundu (si kogonamo, kalibe zenera) ndi khonde. K75,000 pamwezi.

Chipinda chachikulu mamita 3.5 x 3, mumalowa bedi la dabulo ndi wodilopu. Chachiwiri 3 x 3, mabedi awiri aang'ono. Pabalaza 4 x 3.5. Chitseko chakumaso masentimita 80, yezani sofa lanu.

Magetsi: mita ya mayunitsi yanuyanu, simugawana ndi wina. Mawindo onse ali ndi zitsulo ndi waya wa udzudzu. Mtengo wa mango umapereka mthunzi pakhonde ndi kuchipinda chachikulu masana. Khitchini, bafa ndi chimbudzi chokumba cha simenti zili panja, ndi zanu nokha, zonse zokhoma.

Madzi: mpopi uli pabwalo, mugawana ndi banja limodzi la kuseri, bilu pakati. Nyengo yotentha amafooka masana. Mjigo uli pa mphindi 5, madzi ake ali ndi kamchere.

Wapansi: msewu wa tala mphindi 7, pulaimale mphindi 10, msika waukulu mphindi 25, mzikiti mphindi 3. Nyumbayi siili kunyanja kapena m'mbali mwa Shire.

Dziwiranitu: mulibe siling'i, Okutobala ndi Novembala mumatentha masana. Mpanda ndi wa bango. Mvula ikagwa yambiri kanjira kolowera kamaima madzi tsiku limodzi kapena awiri, koma m'nyumba madzi sanalowepo.

Polowa: lendi ya miyezi iwiri, K150,000, ndipo mudzalandira lisiti. Kuona nyumba ndi kwaulere, Loweruka kapena madzulo. Musatumize ndalama musanaione inuyo kapena munthu amene mumamukhulupirira."

Kumapeto ndinaika nambala yanga. Msuweni wanga anati uthengawo watalika, ndipo n'zoona kuti ndi wautali kuposa wa ejenti, koma pa foni munthu amauwerenga m'kanthawi kochepa. Ndinasamala kuti mtengo ndi chiwerengero cha zipinda zikhale m'mizere yoyambirira, popeza WhatsApp imadula uthenga wautali ndipo ambiri sapitiriza kuwerenga ngati zoyambazo sizikuwakhudza. Mawu monga "yamakono", "yokongola" ndi "chitetezo chokwanira" sindinaike ngakhale amodzi. Ndinkadzifunsa pa mzere uliwonse ngati munthu ataima pakhomo angathe kuutsimikiza ndi maso, tepi kapena wotchi. Zitsulo za m'mawindo angazigwire. Chitetezo chokwanira palibe mwini nyumba amene angachilonjeze, ndipo akuba akadzalowa mawu amenewo adzakutsata.

Mtengo ndinaupeza pofunsa anansi amene ali ndi nyumba zofanana ndi yathu. Zokhala ndi siling'i ndi mpopi m'nyumba zinali pamwamba, zogawana mita ya magetsi zinali pansi, yathu inagwera pakati. Ndinatsitsanso zolipiriratu kuchoka pa miyezi itatu kufika iwiri, ndipo ndinadziuza kuti ndalama imeneyo sindidzaigwira mpaka munthuyo atagonamo masabata angapo. Kubweza ndalama imene ili m'manja ndi kosavuta, imene yapita kumunda imakutengera kukongola.

Zithunzi nazo zinali ndi nkhani yake. Nditayang'ananso za ejenti ndinaona kuti pabalaza pathu pankaoneka ngati holo. Anajambula ataima pakona, foni ataiika pa 0.5x, imene imatambasula chipinda n'kukankhira makoma kutali. Mungazindikire chithunzi chotere poona zitseko ndi mawindo a m'mphepete, amaoneka otalika kapena opendekeka. Chimbudzi, mpopi ndi denga lamkati sanajambule n'komwe. Ine ndinasesa, ndinakolopa, ndinatsegula mawindo, n'kujambula m'mawa pa 1x, nditaima pakhomo la chipinda chilichonse, foni ili pachifuwa. Kusesa ndi kusankha kuwala kwabwino si chinyengo, nyumbayo imaoneka choncho ikasamalidwa. Ndinajambula kumaso kwa nyumba pamodzi ndi mtengo wa mango, zipinda zonse, malata ndi mitanda ya denga kuchokera mkati, mita ya magetsi, mpopi, bafa ndi chimbudzi. Popeza inali nyengo ya mvula, ndinajambulanso kanjira kaja m'mawa wotsatira mvula yamphamvu, madzi ataima. Chithunzi chimenechi ndinazengereza nacho kwambiri, koma ndinachiika.

Masiku oyamba foni inali zii, ndipo mtima unandithawa. Uthenga wa ejenti unkabweretsa mafoni ambiri tsiku limodzi, wanga unabweretsa ochepa pa sabata yathunthu. Koma oimbawo ankafunsa zina. Palibe anafunsa ngati madzi alipo kapena ngati ili kutali. Wina anafunsa ngati angaike yekha siling'i ya mphasa za bango n'kuchotsera pa lendi. Wina anafunsa ngati amaloledwa kuweta nkhuku. Bambo wina anaimba kungonena kuti ali ndi galimoto yaing'ono ndipo chithunzi cha kanjira chamuuza kuti nyumbayo si yake, nathokoza. Ameneyo akanabwera pa uthenga wobisa, ndikanataya Loweruka langa ndipo iye akanataya mafuta ake.

Amene anatenga nyumbayo ndi mayi wina mphunzitsi, wa ana awiri aang'ono, wochokera ku Balaka. Sanathe kubwera yekha, anatuma mlongo wake amene amakhala kutsidya kwa mlatho. Mnyamatayo anafika ndi uthenga wanga pa foni, nayenda nawo chipinda ndi chipinda monga anachitira bambo a ku Zomba aja, anatsegula mpopi, anayang'ana mita, analawa madzi a pamjigo. Kenako anaimbira mlongo wakeyo ine ndili pomwepo nati, "Achemwali, zili monga alemberamu." Mayiwo analowa m'nyumbamo kumayambiriro kwa Febuluwale. Aphunzitsiwo anandiuza pambuyo pake kuti chimene chinawakopa ndi mita yawoyawo ndi sukulu imene ana angapiteko osadutsa msewu waukulu, ndipo za kutentha anakonzekera pogula fani asanasamuke.

Tsiku lolowa tinalemba pangano la tsamba limodzi, ndipo ndinasindikiza uthenga uja n'kuumata kuseri kwake, tonse awiri n'kusainapo. Tinalembaponso nambala imene inali pa mita ya madzi tsiku limenelo, kuti bilu yoyamba isadzabweretse mkangano ndi banja la kuseri. Izi zimateteza mbali zonse ziwiri. Iwo sangadzanene kuti sanauzidwe za siling'i, ine sindingadzakane kuti ndinalonjeza chimbudzi chawochawo.

Ngongole ya banki m'khonde ndinamaliza kubweza mu Epulo. Mwezi womwewo aphunzitsi ananditumizira uthenga kuti pali chinthu chimodzi chimene sichinalembedwe. Chigayo chimene chili kuseri kwa mzikiti chimagwira ntchito mpaka usiku anthu akayamba kukolola, ndipo phokoso lake limamveka kuchipinda cha ana. Mu Januwale, pamene ndinkayenda ndi kope langa, chinkatseka dzuwa lisanalowe, choncho nyumba imene mwaiyendera mwezi umodzi muyenera kuifunsanso za miyezi inayo. Anati si choti angasamukire, anangosinthanitsa zipinda, ana anapita chakumaso. Ndinatsegula uthenga umene ndinasunga pa foni, ndipo pansi pa "Dziwiranitu" ndinawonjezera kuti chigayo chili pa mphindi 4 wapansi, ndipo kuyambira Epulo mpaka Juni chimamveka mpaka cha m'ma 9 koloko usiku.